Ndalama za penshoni: n'chifukwa chiyani zina zili m'masheya, zina m'mabondi?

Mayi Nabanda: Ndili ndi funso kwa amene amadziwa kayendetsedwe ka matumba a penshoni. Lipoti la pachaka la thumba lathu likuonetsa kuti pa 100 iliyonse ya ndalama za mamembala, 60 zili m'masheya a makampani, 35 zili m'mabondi, ndipo zotsalazo zili kubanki. Ngati masheya ndi amene amabweretsa phindu lalikulu, monga lipotilo likunenera, n'chifukwa chiyani sakuika ndalama zonse kumeneko? Ndipo ngati masheyawo ali oopsa, n'chifukwa chiyani akuikako gawo lalikulu chotere la ndalama zimene anthu adzadyere paukalamba? Kodi manambala amenewa amachokera penapake, kapena amangogawa mongoyerekeza?

Bambo Mbewe: Mayi, ine ndakhala ndikunena kuti ndalama za penshoni siziyenera kuyandikira msika wa masheya n'komwe. Bondi ya boma ndi ngongole imene boma latenga kwa inu, ndipo linalemba kale tsiku limene lidzabweze komanso chiwongoladzanja chimene lizilipira chaka ndi chaka. Pamenepo palibe kuluza. Sheya, imene ndi kagawo ka umwini wa kampani, ilibe lonjezo lililonse, chifukwa kampani ikagwa, mwini sheya ndiye womaliza pamzere wa olandira, ndipo nthawi zambiri sapeza kanthu. Amene amayendetsa matumbawa akuchita juga ndi thukuta la anthu ena.

Chikondi: Pepani bambo Mbewe, koma ine ndikuona mosiyana. Ndili ndi zaka 28 ndipo ndalama zanga sindidzazikhudza kwa zaka zoposa 30. Pa nthawi yaitali chotero masheya amapambana mabondi nthawi zonse, choncho 35 imene yaikidwa m'mabondiyo ikungondichedwetsa. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawauza kuti zanga zonse aike m'masheya.

Bambo Gondwe: Nonse awiri mwagwira mbali ya choonadi, koma funso la mayi Nabanda silingayankhidwe poyerekeza sheya ndi bondi pazokha. Matrasitii, anthu amene anapatsidwa udindo woyang'anira thumba m'malo mwa mamembala, asanafunse kuti chopindulitsa n'chiti, amayamba afunsa kuti ndalamazi zidzafunika liti, ndiponso kuti zinthu zikalakwika adzaluze ndi ndani. Akatswiri owerengera za penshoni amatenga mndandanda wa mamembala onse, zaka zawo, malipiro awo ndi chaka chimene aliyense akuyembekezeka kupuma, n'kulemba ndalama zimene thumba liyenera kutulutsa chaka chamawa, zaka 5 zikubwerazi, zaka 20, mpaka kutsogolo. Ndalama zimene zifunike posachedwa siziikidwa pa chinthu chimene mtengo wake ungatsike kwambiri m'miyezi yochepa, pamene zimene zidzafunike patapita zaka 25 zili ndi nthawi yodikira kuti msika udzuke. Thumba lodzaza ndi achinyamata amene akusonkhabe limatha kukhala ndi masheya ambiri, ndipo thumba limene ambiri mwa mamembala ake anapuma kale limapendekera ku mabondi. Choncho 60 ndi 35 wanuyo, mayi, ngati anawerengedwa bwino, ndi chithunzi cha zaka za anthu a m'thumba lanulo.

Koma ndikufuna ndichedwe pa mawu a bambo Mbewe akuti pa bondi palibe kuluza, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amadzidzimukira. Tinene kuti thumba lagula bondi ya 1,000, ndalama ya dziko lililonse, yolipira 50 pachaka kwa zaka 10, ndiye kuti 5 peresenti. Sabata yotsatira chiwongoladzanja pamsika chakwera, ndipo mabondi atsopano akulipira 8 peresenti, kutanthauza 80 pachaka pa 1,000 yomweyo. Palibe munthu amene angagule bondi yakale ija pa 1,000 pamene yatsopano ikulipira zambiri, choncho mtengo wake umatsika mpaka wogulayo aone kuti akupezanso 8 peresenti, ndipo mukawerengera umafika pafupifupi 799. Boma silinaphwanye lonjezo lililonse, 50 ija ikubwerabe, koma m'mabuku a thumba chuma chimenechi chatsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu.

Kutalika kwa bondi ndi kumene kumakulitsa vutoli. Bondi yomweyo ikanakhala ya zaka 2 zokha ikanatsika kufika pafupifupi 947, chifukwa mwini wake angopirira malipiro ochepawo kanthawi kochepa, pamene ya zaka 30 ikanagwa kufika pafupifupi 662. N'chifukwa chake mukaona mawu akuti mabondi pa lipoti, musakhutire, koma funsani kuti ndi a zaka zingati.

Bambo Mbewe: Masamuwo ndawamva, achimwene, koma ngati thumba siligulitsa bondiyo, n'kuisunga mpaka zaka 10 zikwane, lilandira 1,000 yake yonse. Kuluza kumene mukunenaku n'kwa papepala chabe.

Bambo Gondwe: N'zoona kuti lidzalandira 1,000, ndipo kwa thumba limene linalonjeza kulipira ndalama yodziwika pa tsiku lodziwika, zimenezo n'zokwanira. Koma pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza. Choyamba n'chakuti si onse amene angadikire: membala amene akupuma chaka chino amalandira gawo lake malinga ndi mtengo wa lero, osati wa zaka 10 zikubwerazo. Chachiwiri ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Mitengo ikamakwera ndi 10 peresenti pachaka, pakutha pa zaka 7 ndalama imagula pafupifupi theka la zimene inkagula poyamba, ndipo bondi wamba sikukubwezerani kusiyanako. Mudzalandira 1,000 yolembedwa ija, koma idzakhala yopepuka. Kampani imatha kukweza mitengo ya katundu wake, motero phindu lake limatha kutsatira mitengo m'kupita kwa zaka, ngakhale kuti silitsatira chaka chilichonse. Ichi ndi chifukwa chachikulu chimene matumba amasungira masheya ngakhale akudziwa kuopsa kwake. Mayiko ena amatulutsa mabondi amene malipiro ake amakwera limodzi ndi mitengo, monga anayambira a ku Britain mu 1981 ndi a ku America mu 1997, koma si boma lililonse limene limagulitsa mabondi otere.

Mayi Nasoko: Zimene akufotokoza bambo Gondwe zinachitikira mchemwali wanga, amene ankagwira ntchito kunja. Thumba lake linali la mtundu uja umene umasamutsa ndalama za munthu pang'onopang'ono kuchoka m'masheya kupita m'mabondi akamayandikira kupuma, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 zambiri zinali m'mabondi aatali. Kalata zimene ankalandira zinkanena kuti ndalama zake zikusamutsidwira kumalo otetezeka. Pakutha pa chaka chimenecho sitetimenti yake inaonetsa kuti zatsika kwambiri, kutangotsala miyezi yochepa kuti apume, ndipo atafunsa anangomuuza kuti ndi msika. Mpaka lero amadandaula kuti anamunamiza. Ine funso langa ndi lakuti, kodi cholakwa chinali cha oyendetsa thumba, kapena linangokhala tsoka?

Bambo Gondwe: Chaka cha 2022 chinali chachilendo chifukwa masheya ndi mabondi anagwera limodzi. Mabanki aakulu anakweza chiwongoladzanja mofulumira pofuna kuthana ndi kukwera kwa mitengo, ndipo ku America masheya a makampani 500 akuluakulu anatsika ndi pafupifupi 18 peresenti, pamene mabondi onse pamodzi anatsika ndi pafupifupi 13 peresenti. Mu 2008 zinali zosiyana: masheya omwewo anatsika ndi pafupifupi 37 peresenti, koma mabondi a boma la America anakwera mtengo, n'kuchepetsa ululu wa matumba amene anali nazo zonse ziwiri.

Pa nkhani ya achemwali anu, yankho lili pa chimene ankafuna kuchita ndi ndalamazo. Ngati cholinga chinali kupita nazo ku kampani ya inshuwalansi kukagula penshoni ya mwezi ndi mwezi ya moyo wonse, ndiye kuti mabondi aatali anagwira ntchito yake, chifukwa chiwongoladzanja chikakwera, mtengo wogulira penshoni yoteroyo umatsikanso, ndipo ndalama zochepazo zimagula malipiro a pamwezi oyandikira amene akanagula kale. Koma ngati ankafuna kutenga ndalama zonse m'manja, mabondi aatali sanali omuyenera, ndipo anafunika kukhala m'mabondi aafupi kapena kubanki. Ine ndinganene kuti cholakwa chenicheni chinali pa mawu akuti otetezeka, amene analembedwa popanda kufotokoza kuti akutetezedwa ku chiyani.

Mayi Nasoko: Iye ankafuna kutenga zonse kuti amalize ngongole ya nyumba, ndipo palibe amene anamufunsapo zimenezo.

Tiyamike: Moni nonse. Poti mukukamba za mabondi ndi nyumba, ine ndimafuna kudziwa ngati munthu angagwiritse ntchito penshoni yake ngati chikole potenga ngongole ya nyumba kubanki. Kodi mabondi amene mukunenawa ndi omwewo amene banki imalembetsa pa nyumba?

Mayi Nasoko: Ayi a Tiyamike, zimenezo ndi nkhani ziwiri zosiyana. Pano tikukamba za ngongole zimene thumba limakongoza boma kapena makampani akuluakulu, osati ngongole imene inu mungatenge. Za chikole zimadalira malamulo a dziko limene muli komanso malamulo a thumba lanu, choncho mufunse kwa amene amasunga mabuku a thumbalo.

Chikondi: Ndiye kuti zonsezi zikugwirizana ndi ine. Mabondi amagwa, mitengo imawadya, ndipo ine ndili ndi zaka 30 zodikira. Ndikufunsabe kuti 35 ija ikundichitira chiyani.

Bambo Gondwe: Pa msinkhu wanu muli ndi mfundo, a Chikondi, ndipo matumba ambiri amene amalola membala kusankha amaika wachinyamata kwambiri m'masheya. Chifukwa chake n'chakuti chuma chanu chachikulu sichili m'thumba, chili m'malipiro amene simunalandire. Tinene kuti muli ndi 5,000 m'thumba, 80 peresenti ili m'masheya, ndipo mumasonkha 2,000 pachaka. Masheya akagwa ndi 40 peresenti mwaluza 1,600, zimene sizikufika n'komwe pa zosonkha za chaka chimodzi, ndipo zosonkha zotsatirazo zikugula masheya otchipa. Munthu amene watsala chaka chimodzi kuti apume, ali ndi 100,000 yogawidwa chimodzimodzi, waluza 32,000, ndipo alibe zaka zoti abwezeretse. Kugwa n'kumodzi, koma kwa wina ndi mwayi, kwa wina ndi ukalamba wosintha.

Chimene sindikuvomereza ndi mawu anu akuti nthawi zonse. Msika wa masheya wa ku Japan unafika pachimake mu Disembala 1989, chiwerengero cha Nikkei, chimene chimayeza mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a m'dzikomo, chitadutsa 38,900, ndipo sunabwererenso pamenepo mpaka mu Febuluwale 2024. Chiwerengerocho sichiphatikiza phindu limene makampani ankagawira eni masheya, choncho kuluza kwenikweni kunali kocheperako, komabe munthu amene anali ndi zaka zanu mu 1989 anakafika pa msinkhu wopuma msikawo usanabwerere pamene unali. Pa chifukwa chimenechi matumba aakulu safuna kudalira msika wa dziko limodzi. Thumba la penshoni la boma la Japan, limodzi mwa aakulu kwambiri padziko, kuyambira mu 2020 linagawa chuma chake m'zigawo zinayi zofanana: masheya a m'dzikomo, masheya akunja, mabondi a m'dzikomo ndi mabondi akunja.

Mabondi alinso ndi ntchito ina imene simunaione. Tinene kuti thumba lili ndi 100, lamulo lake ndi 60 m'masheya ndi 40 m'mabondi, kenako masheya agwa ndi 30 peresenti. Tsopano masheya ndi 42, mabondi akadali 40, zonse pamodzi 82, ndipo masheya atsika kufika pafupifupi 51 peresenti ya thumba. Kuti abwerere pa 60 peresenti, oyendetsa amagulitsa mabondi a pafupifupi 7 n'kugula masheya pamene aliyense akuthawa. Masheya akakwera kwambiri amachita mosemphanitsa. Thumba lopanda mabondi lilibe chogulira pa tsiku lotere, ndipo likafunika kulipira opuma limakakamizika kugulitsa masheya pa mtengo wotsika.

Mayi Nabanda: Zikomo bambo Gondwe, izi zikumveka. Koma munanena poyamba kuti matrasitii amafunsanso kuti adzaluze ndi ndani, ndipo mbali imeneyo simunaifotokoze.

Bambo Gondwe: Pali mitundu iwiri ya matumba, ndipo kusiyana kwake n'kumene kumalamulira zambiri. Mu mtundu woyamba, inu ndi abwana anu mumasonkha, ndipo pa tsiku lopuma mumalandira zimene zasonkhanitsidwa pamodzi ndi phindu lake, kaya lachuluka kaya lachepa. Apa msika ukagwa, woluza ndinu. Mu mtundu wachiwiri, olemba ntchito analonjeza kuti mudzalandira gawo lakuti la malipiro anu malinga ndi zaka zimene mwagwira, ndipo thumba likapereweza, iwo ndi amene ayenera kuwonjezera.

Thumba la mtundu wachiwiriwu limaona mabondi mwanjira imene imadabwitsa anthu. Ngati linalonjeza kulipira 1,000 patapita zaka 20, ndipo chiwongoladzanja chili pa 5 peresenti, liyenera kukhala ndi pafupifupi 377 lero. Chiwongoladzanja chikatsika kufika pa 3 peresenti, lonjezo lomwelo limafuna pafupifupi 554. Palibe membala watsopano amene walowa, koma ngongole ya thumba yakula ndi pafupifupi theka. Chinthu chimene mtengo wake umakwera pa nthawi yomweyo ndi bondi yaitali, choncho thumba lotere limagula mabondi aatali osati pofuna phindu, koma kuti chuma chake chiziyendera limodzi ndi malonjezo ake. Kwa thumba limeneli bondi ya zaka 30 ndi yotetezeka, pamene kwa achemwali a mayi Nasoko bondi yomweyo inali yoopsa.

Mayi Nasoko: Komatu matumba a mtundu umenewo ndi omwe anatsala pang'ono kugwa ku Britain mu 2022. Ngati kukwera kwa chiwongoladzanja kumachepetsa ngongole yawo, anavutikiranji?

Bambo Gondwe: Anavutika chifukwa ambiri sanagule mabondi ndi ndalama zawo zokha. Pofuna kuteteza malonjezo onse uku akusungabe masheya, anakongola ndalama n'kupereka mabondi ngati chikole, kapena analowa m'mapangano ena amene amagwira ntchito mofananamo. Boma litalengeza ndondomeko yochepetsa misonkho pa 23 Seputembala 2022, mitengo ya mabondi aatali inagwa kwambiri m'masiku ochepa, ndipo okongozawo anafuna chikole chowonjezera mwachangu. Matumbawo analibe ndalama zokwanira zapafupi, motero anayamba kugulitsa mabondi, ndipo kugulitsako kunagwetsanso mitengo, okongoza n'kufunanso china chikole. Pa 28 Seputembala banki yaikulu ya dzikolo inalowererapo n'kuyamba kugula mabondiwo mpaka pa 14 Okutobala, ndipo inagula a mapaundi pafupifupi 19 biliyoni. Papepala matumba ambiri anali bwino kuposa kale, chifukwa ngongole zawo zinali zitachepa, koma chimene chinawapanikiza ndi kusowa ndalama za m'manja sabata imeneyo.

Bambo Mbewe: Zonse mwanenazi sizinandisinthe maganizo kwenikweni. Amene anavutika ku Britain anavutika chifukwa cha kukongola, osati chifukwa cha bondi. Bondi ya boma yogulidwa ndi ndalama zako, yosungidwa mpaka pamapeto, sinapwetekepo munthu.

Mayi Nasoko: Apo ndiye ndikutsutsani, bambo Mbewe. Mu 2012 dziko la Greece linasinthitsa mabondi ake, ndipo eni ake anadulidwa kupitirira theka la ndalama yolembedwa pa mabondiwo. Ena mwa oluzawo anali matumba a penshoni a m'dziko momwemo. Ine chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti m'mayiko ambiri malamulo amachepetsa ndalama zimene thumba lingatulutse kunja, ndipo msika wa masheya wa m'dzikomo ukakhala waung'ono, ndalama zambiri zimathera m'ngongole za boma limodzi. Boma lomwelo ndi limene limalemba malamulo a matumbawo. Mukayang'ananso masheya amene thumba lili nawo, mupeza kuti ambiri ndi a mabanki, amene nawonso anakongoza boma lomwelo. Pa lipoti zimaoneka ngati ndalama zagawidwa pawiri, koma mazira onse ali m'dengu limodzi.

Bambo Gondwe: Nkhawa imeneyo ndi yoona, koma mbali inayo nayonso ili ndi mfundo. Opuma amalipidwa m'ndalama ya dziko lawo, ndipo thumba likaika zambiri kunja limatenga chiopsezo cha kusinthasintha kwa mphamvu ya ndalama, chimene chingathandize chaka china n'kupweteka chaka chinzake. Maboma amanenanso kuti ndalama zosungidwa kwa nthawi yaitali ziyenera kutukula chuma cha dziko limene anthuwo adzakalambire. Ine ndimapendekera kwa mayi Nasoko, chifukwa ntchito ya membala, nyumba yake ndi banja lake zili kale pa chuma cha dziko limodzi, ndipo sindiona nzeru yoikanso penshoni yonse pomwepo. Koma malire oyenera ndi ati, akatswiri enieniwo sagwirizana.

Chikondi: Ndiye ngati ndamva bwino, kwa ine vuto si 35 ya mabondi yokha, koma kuti 60 ya masheyayo ili m'makampani angati ndiponso m'mayiko angati. Komabe sindikuona chifukwa choti ine ndi munthu wa zaka 59 tikhale m'mphika umodzi wogawidwa mofanana.

Mayi Nasoko: Matumba ena amasiyanitsa mamembala malinga ndi zaka, ena sasiyanitsa, ndipo amene sasiyanitsa amanena kuti kugawa magulu kumakweza ndalama zoyendetsera komanso kuti anthu akapatsidwa ufulu wosankha amathamangira kuchoka m'masheya msika utagwa kale. Mfundo yachiwiriyo ndimaikhulupirira, koma yoyambayo ndikufuna nditaona manambala ake. Mukapita ku msonkhano wa mamembala, pemphani chikalata cha ndondomeko ya kaikidwe ka ndalama chimene matrasitii anasaina, chifukwa m'menemo ndi mmene mumalembedwa malire a gawo lililonse, utali wa mabondi, komanso ngati thumbalo limaloledwa kukongola.

Bambo Mbewe: Chikalata chimenecho ndichipempha, ngakhale ndikukayika ngati adzachipereke msanga. Za Greece ndazimva, mayi, koma mundiuze kaye kuti pa nthawi yomweyo masheya a m'dziko limenelo anachita bwanji, chifukwa ine ndikukhulupirira kuti eni ake analira kuposa eni mabondi.